Sikelo yaima pa makilo 81, kodi ndisiyiretu nsima?

"Zikomo amayi. Ndine mayi wa zaka 36, ndimakhala ku Turffontein ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Kumayambiriro kwa Epulo ndinali ndi makilo 86. Ndinasiya zoziziritsa kukhosi, ndinachepetsa nsima, ndipo ndimatsika takisi chapatali kuti ndiyendeko pansi. M'masabata 6 ndinafika pa 81. Koma pano masabata awiri atha sikelo ili pompo, tsiku lina inakwera mpaka 82. Mnzanga akuti thupi lazolowera, ndiye ndisiyiretu nsima ndi kugula tiyi wochepetsa thupi. Kodi ndalakwitsa pati?"

Achemwali, mtima m'malo. Nsima musaisiye, ndipo ndalama ya tiyiyo ibwezereni m'chikwama. Pa zaka zonse zomwe ndakhala ndikuthandiza anthu pa nkhani ya kadyedwe kuno ku Joni, sindikumbuka munthu ngakhale mmodzi amene anatsika molunjika ngati madzi a m'ngalande kuyambira tsiku loyamba mpaka kumapeto. Pafupifupi aliyense amafika poima, ndipo ambiri amaima nthawi ngati yomwe mwaimayi. Komanso masabata awiri ndi ochepa kwambiri kuti tigamule kuti mafuta asiya kuchoka. Mwina akuchokabe, kungoti sikelo sikukuuzani.

Paja sikelo siyeza mafuta okha. Imayeza munthu yense pamodzi ndi madzi a m'thupi, chakudya chomwe chidakali m'matumbo, mafupa ndi minofu. Thupi limasunga shuga wina m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse ya shuga wosungidwayu imagwira madzi pafupifupi magalamu atatu. Mutachepetsa nsima ndi zotsekemera mu Epulo muja, nkhokwe imeneyi inaphwa ndipo madzi ake anatuluka ngati mkodzo. Ndiye pa makilo asanu omwe munataya, mwina kilo imodzi ndi theka kapena awiri anali madzi. Kutsika kwa masabata oyamba kunali kokoma m'maso kuposa mmene mafuta ankachokeradi, ndipo madzi amenewo satuluka kawiri. Chatsala pano ndi mafuta enieni, omwe amayenda ngati nkhono.

Madzi omwewa amathanso kubwerera n'kuphimba zomwe mwapindula. Mukadya ndiwo za mchere wambiri usiku, monga soseji, supu wa m'paketi kapena nsomba zouma zochokera kumudzi, m'mawa mwake sikelo ikhoza kukwera ndi kilo yathunthu. Masiku ochepa musanayambe msambo thupi limasunganso madzi, ena mpaka kilo imodzi kapena awiri. Kudzimbidwa, kusagona mokwanira ndi nkhawa zimachita chimodzimodzi. Tiyerekeze kuti m'masabata awiri apitawa mwataya magalamu 600 a mafuta, koma muli pafupi kusamba ndipo thupi lasunga kilo imodzi ya madzi. Sikelo ikuonetsani kuti mwanenepa, pomwe zoona zake n'zakuti mwachepa. Makilo 82 munawaona aja ndikukayika kwambiri ngati anali mafuta. Kuti munthu awonjezere kilo imodzi ya mafuta ayenera kudya makalori, omwe ndi muyeso wa mphamvu za m'chakudya, pafupifupi 7,700 pamwamba pa zomwe thupi lake limagwiritsa ntchito, ndipo zimenezo sizichitika usiku umodzi ngakhale mutapita ku ukwati.

Tsono musanasinthe chilichonse m'mbale, konzani kaye kayezedwe. Kwerani sikelo m'mawa mukangochoka kuchimbudzi, musanadye kapena kumwa kanthu, mutavala zopepuka zofanana, sikelo ili pasimenti kapena pamatailosi, osati pakapeti. Chitani zimenezi masiku anayi kapena kuposa pa sabata, muzilemba m'kope. Lamlungu phatikizani manambala onse n'kugawa ndi masiku omwe munayeza. Nambala ya pakatikati imeneyi ndiyo muziiyerekeza ndi ya sabata yatha, osati ya Lachiwiri ndi ya Lachitatu. Kwa ife amayi chabwino koposa ndi kuyerekeza sabata ino ndi sabata yofanana nayo ya mwezi watha, kutengera pomwe msambo uli. Sikelo ya abwana ku Randburg ndi yanu ya ku Turffontein zikhoza kusiyana ndi kilo kapena kuposa, choncho sankhani imodzi n'kukhala nayo.

Gulaninso tepi ya atelala. Yezani mimba kamodzi pa sabata, podutsa pa mchombo, mutatulutsa mpweya bwinobwino osakoka mimba m'kati. Ndaonapo amayi ambiri sikelo itaima masabata atatu koma tepi ikutsika ndi masentimita awiri, siketi ikuzungulira yokha m'chiuno. Amenewo sanaime. Munthu ndimamuwerengera kuti waimadi ngati masabata anayi adutsa, mwezi wathunthu wa msambo, popanda kusintha pa nambala ya pakatikati ija ndi pa tepi pomwe.

Tiyerekeze kuti mwayeza choncho ndipo mwaimadi. Mnzanu uja sananame kotheratu ponena kuti thupi lazolowera, koma nkhaniyo waikulitsa. Thupi laling'ono limafuna mphamvu zochepa, monga bhaki yomwe yatsitsa katundu imamwa mafuta ochepa. Pa kilo iliyonse yomwe munthu wataya, zomwe thupi limawotcha pa tsiku zimatsika ndi makalori 20 mpaka 25. Pa makilo anu asanu ndi makalori 100 ndi pang'ono, ofanana ndi supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira. Inu munkataya mafuta pafupifupi theka la kilo pa sabata, kutanthauza kuti tsiku lililonse munkadya mopereweza ndi makalori 500 kapena kuposerapo pang'ono. Mukachotsapo 100, mpata wa 400 ulipobe. Ndiye kuchepa kwa thupi kukhoza kuchedwetsa ulendo, koma pakokha sikungauimitse.

Chomwe chimatseka mpata wotsalawo nthawi zambiri ndi pakamwa, ndipo sindikunena kuti mukunama kapena ndinu adyera. Ofufuza a ku America, pakati pawo Kevin Hall, anafalitsa mu 2016 zomwe anapeza zakuti pa kilo iliyonse yomwe munthu wataya, chilakolako cha chakudya chimakwera ndi makalori pafupifupi 100 pa tsiku. Taonani kusiyana kwake: kuwotcha kwatsika ndi 25 koma njala yakwera ndi 100. Pa makilo asanu thupi lanu likukukokerani ku mbale ndi mphamvu yokwanira kufafaniza mpata wonse uja. Ndipo silichita kukuuzani kuti idyani kawiri. Limangochititsa kuti chipande chizama pang'ono pomola nsima, dzanja lichedwe kuimika botolo la mafuta pamwamba pa poto, muzilawa ndiwo katatu m'malo mwa kamodzi.

Ndikupatseni chitsanzo cha mayi wina amene amaluka tsitsi ku Yeoville, msinkhu ndi thupi ngati lanu. Anabwera atakwiya, akulumbira kuti akudya chimodzimodzi ngati sabata yoyamba. Ndinamupempha kuti kwa masiku 7 alembe chilichonse cholowa m'kamwa, nthawi yomweyo osati madzulo, ndipo asasinthe kanthu pofuna kundisangalatsa. Kope litabwera, chakudya chenichenicho chinalidi bwino: phala m'mawa, mtanda umodzi wa nsima ndi masamba ndi nkhuku masana, madzulo zopepuka. Vuto linali m'mbali. Kunja kutayamba kuzizira, tiyi anachoka pa makapu awiri n'kufika pa asanu, kapu iliyonse timasupuni titatu ta shuga ndi mkaka wa ufa uja wothira mu khofi. Kasupuni kamodzi ka shuga ndi makalori 16, ndiye makapu atatu owonjezerawo anali kubweretsa makalori pafupifupi 150 a shuga yekha, mkakawo tisanauwerenge. Mafuta ophikira anali atasiya kuyeza. Titayesa kuthira m'kapu mlingo womwe amathira m'poto, tinapeza masupuni aakulu anayi pa ndiwo za anthu awiri. Supuni iliyonse ndi makalori 120, ndiye gawo lake lokha linali 240.

Koma chomwe chinamudabwitsa kwambiri ndi mapeto a sabata. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ngakhale ndi tiyi ndi mafuta omwewo, ankadyabe mopereweza ndi makalori pafupifupi 250 pa tsiku, onse pamodzi 1,250. Loweruka saluni imadzaza, sapeza nthawi yokhala pansi, ndiye ankadya magwinya awiri ndi poloni ali chiimire, kenako madzulo n'kudya mokwanira chifukwa m'maganizo mwake tsikulo sanadye. Lamlungu akaweruka kutchalitchi kunali mpunga, nkhuku yokazinga, saladi wa mayonezi ndi juwisi, n'kuwonjezera kachiwiri poti ndi tsiku limodzi lokha. Masiku awiriwo ankabweza zonse zomwe anasunga masiku asanu. Sanali kunama. Masiku omwe ankawakumbukira anali a m'kati mwa sabata, ndipo masiku amenewo ankachitadi bwino.

Sitinagwire nsima yake ngakhale pang'ono. Shuga anatsika kufika kasupuni kamodzi pa kapu, mafuta anayamba kuyezedwa ndi supuni, imodzi pa munthu pa chakudya, Loweruka anayamba kunyamula mazira owiritsa awiri ndi nthochi, ndipo Lamlungu ankadya zonse zija koma mbale imodzi, atayamba ndi masamba. Sabata yoyamba sikelo sinasunthe ndipo ananditumizira uthenga wodandaula. Yachiwiri inatsika ndi magalamu 700 nthawi imodzi.

Inuyo muli ndi msampha wina womwe ndimaupeza kwa pafupifupi aliyense wogwira ntchito m'nyumba za anthu. Mumakhala m'khitchini yodzaza tsiku lonse. Mwana wasiya theka la buledi wopaka chiponde, mwatsala pasta wa dzulo, abwana akuti "tengani keke yotsalayo". Ife tinaleredwa kuti chakudya sichitayidwa, ndipo kuona chakudya chabwino chikulowa m'bini mtima umawawa. Koma tizidutswa timeneti sitimveka ngati chakudya, n'chifukwa chake sitikumbukika. Kagawo kamodzi ka buledi kopaka chiponde mokwanira kamayandikira makalori 200. Lembani zimenezi m'kope lanu moona mtima. Zomwe mwapatsidwa ziikeni m'kontena mupite nazo kunyumba, zikakhale mbali ya chakudya chamadzulo cha banja lonse, osati chowonjezera cha inu nokha pa sinki.

Mbali ina yomwe imathawa mwakachetechete ndi kuyenda. Munayamba mu Epulo kukadali kofunda. Pano ndi Juni, ndipo mukudziwa nokha mmene chisanu cha ku Joni chimalumira m'mawa, komanso pofika 6 koloko madzulo kunja kwada kale. Dzifunseni moona: kodi mukutsikabe takisi pamalo paja tsiku lililonse, kapena masiku ena mumapitirira mpaka pageti? Sindikukudzudzulani, ndipo sindingakuuzeni kuti muziyenda nokha mumdima ku Turffontein chifukwa chofuna kuchepetsa thupi. Kungoti kuyendako kukachepa, pezani pena pokuika. Komanso munthu amene wakhala akudya mopereweza kwa masabata angapo amayamba kusunga mphamvu osadziwa: amakhala pansi msanga, amatuma mwana m'malo monyamuka yekha, Lamlungu masana amagona. Ngati foni yanu imawerenga masitepe, yerekezani a mu Epulo ndi a sabata ino. Kwa munthu wa makilo 81, kuyenda mwandawala kwa mphindi 30 kumawotcha makalori 120 mpaka 150. Si zambiri, gwinya limodzi limaposa pamenepo, koma zikasowa tsiku ndi tsiku zimaoneka. Nthawi yopuma masana, dzuwa likuwala, ndiyo yabwino m'miyezi inoyi, kapena Loweruka ndi Lamlungu masana pamodzi ndi anzanu.

Nanga bwanji osangosiya nsima kuti zithe msanga? Mukaisiya, sikelo itsikadi m'masiku atatu kapena anayi, ndipo mnzanu adzati ndinakuuzani. Koma ndi madzi aja a shuga wosungidwa, ndipo adzabwerera tsiku lomwe mudzadyenso nsima. Inu mumagwira ntchito yokolopa, kusita ndi kukwera masitepe kuyambira m'mawa. Mukadula chakudya pakati mudzapirira masiku anayi, lachisanu mudzapezeka pa renki ya Bree mutagwira kota, kenako kudziimba mlandu, kenako kusala kwina. Kuzungulira kotereku ndiko ndimakuopa kuposa sikelo yoima. Kudula kwambiri kumadyanso minofu, pomwe minofuyo ndiyo mukuifuna kuti thupi likhale lolimba. Nsima payokha si mdani: ufa wa magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 350, ndipo nkhani ili pa kukula kwa mtanda. Mtanda umodzi wofanana ndi chibakera chanu, theka la mbale likhale masamba, kotsalako ndiwo zomanga thupi.

Ndiwo zomanga thupizi ndiye mankhwala enieni a njala ija, chifukwa zimakhalitsa m'mimba ndipo zimateteza minofu pamene mafuta akuchoka. Munthu wa thupi ngati lanu ayenera kuyandikira magalamu 100 a mapulotini pa tsiku, ndipo amayi ambiri omwe ndimawaona safika ndi theka lomwe, makamaka m'mawa pomwe amangomwa tiyi ndi buledi. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya nyemba zophika pafupifupi 15, nyama ya nkhuku yopanda khungu yokula ngati chikhatho chanu 25 mpaka 30, kapu ya chambiko, chomwe kuno amati amasi, pafupifupi 8. Nsomba za m'chitini, usipa, nyama ya soya ndi ziwindi za nkhuku n'zotsika mtengo ndipo zimagwira ntchito yomweyo. Yambani ndi kadzutsa: mazira awiri m'malo mwa magawo awiri owonjezera a buledi, muone mmene njala ya 10 koloko ichepere. Ngati muli ndi matenda a impso, funsani kaye kuchipatala musanawonjezere zimenezi.

Onjezaniponso kulimbitsa minofu kawiri kapena katatu pa sabata. Sipafunika jimu. Kukhala ndi kudzuka pa mpando maulendo 12, kukankha khoma kapena m'mphepete mwa tebulo ndi manja, kunyamula zigubu za madzi za malita asanu, chilichonse mobwereza katatu, mphindi 20 zakwana. Dziwiranitu kuti sabata yoyamba minofu ikamawawa imasunga madzi, ndiye sikelo ikhoza kukwera pang'ono.

Za tulo ndinenepo mwachidule poti ndikudziwa kuti wopita ku Randburg kuchokera kummwera amadzuka 4 koloko. Pa kafukufuku wina wa ku Chicago wa mu 2010, anthu omwewo anadya mopereweza mofanana kwa masabata awiri akugona maola 8 ndi theka, komanso masabata ena awiri akupatsidwa maola 5 ndi theka okha. Makilo otayika anali ofanana, koma pogona mokwanira anataya mafuta okwana kilo 1.4, pomwe pogona pang'ono anataya 0.6 yokha. Anali anthu 10 okha, koma zikugwirizana ndi zomwe ndimaona. Nthawi yodzuka simungaisinthe. Yogona mungathe, ngakhale ndi mphindi 40 zokha zolanda ku foni.

Musasinthe zonsezi tsiku limodzi, chifukwa simudzadziwa chomwe chathandiza. Sabata yoyamba ingoyezani ndi kulemba. Kenako sankhani mabowo awiri aakulu omwe kope laonetsa, muwatseke, n'kudikira masabata awiri kapena atatu. Ngati kope lili loyera ndipo kuyenda sikunachepe, chotsani makalori 150 mpaka 200 okha pa tsiku, kapena onjezani theka la ola loyenda. Kuchokera pano yembekezerani magalamu 300 mpaka 500 pa sabata, ndipo masabata ena osatsika konse. Mukadzafika miyezi itatu n'kuona kuti mwatopa, mukungolota chakudya ndipo mukupsa mtima ndi ana, pumulani sabata imodzi kapena ziwiri mukudya mokwanira bwino koma mosapyola, kenako n'kuyambanso. Kupumaku sikusungunula mafuta, kumangokubwezerani mphamvu zopitirizira.

Tiyi uja: ambiri mwa matiyi otere amakhala ndi tsamba lotsegula m'mimba lotchedwa senna kapena zokodzetsa. Chomwe chimatuluka ndi madzi ndi chimbudzi, mafuta ali pomwepo. Mukamwa nthawi yaitali mumataya mchere wofunika ku mtima, ndipo matumbo amayamba ulesi moti osamwa tiyiyo simupita kuchimbudzi. Majakisoni ochepetsa thupi omwe akugulitsidwa pa WhatsApp ndiye muwathawe. Mankhwala enieni a mtundu umenewo alipo, koma amalembedwa ndi dokotala, ndipo bungwe loona za mankhwala m'dziko lino, SAHPRA, linachenjezapo kuti abodza ali pamsika.

Pali nthawi zina pomwe kope ndi tepi sizikwanira, ndipo muyenera kupita kukiliniki. Ngati msambo wachedwa, yezetsani mimba musanachepetsenso chakudya. Ngati mapazi akutupa, mukubanika pokwera masitepe, kapena makilo akukwera msangamsanga m'masiku ochepa, pitani sabata yomweyo, chifukwa amenewo akhoza kukhala madzi obwera ndi vuto la mtima kapena impso. Kutopa kosatha, kumva kuzizira kuposa anzanu onse, khungu louma, kudzimbidwa ndi kuthothoka tsitsi zikabwera pamodzi, pemphani kuti akuyezeni magazi a chithokomiro. Msambo wodumphadumpha pamodzi ndi ndevu kapena ziphuphu zimafunanso kuonedwa. Ndipo mukadzapezeka kuti mukudzisanzitsa mukadya, kapena mukudya mobisa mpaka kudwala, limenelo si vuto la sikelo ayi, uzani namwino kapena dokotala.

Simunanene ngati mukumwa mankhwala ena alionse, ndiye ndifunse ndine. Jakisoni wolera wa miyezi itatu amanenepetsa amayi ena. Prednisone, insulini ndi mankhwala ena a matenda a maganizo amachitanso choncho. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, monga TLD omwe ambiri akumwa masiku ano, nawonso amayendera limodzi ndi kukwera kwa thupi, makamaka kwa amayi, ndipo kafukufuku wa ADVANCE yemwe anaonetsa zimenezi mu 2019 anachitikira mu Johannesburg momwe muno. Ngati muli pa mankhwala aliwonse mwa amenewa, musawasiye kapena kudumphitsa ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha makilo. Thupi limatsikabe muli pa mankhwalawo, kungoti mochedwerapo. Ngati muli ndi matenda a shuga ndipo mumabaya insulini kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga, dziwitsani akuchipatala kuti mwachepetsa chakudya, poti mlingo wakale ukhoza kukutsitsani shuga mpaka kukomoka. Popita kumeneko nyamulani mabotolo onse a mankhwala ndi kope lanu lija la masabata anayi, kuti namwino aone manambala m'malo mongokuuzani kuti muchepetse kudya.